Mafunso akabwerera ku Chingerezi ali bwinobwino, kodi ndiye kuti anawamasulira bwino?

Mukamva pa wailesi kuti kafukufuku wapeza kuti anthu ochuluka mwakuti pakati pa othawa nkhondo akudwala matenda okhumudwa, dziwani kuti nambala imeneyo inachokera pa mafunso. Munthu wina anakhala pansi ndi pepala kapena foni, n'kufunsa anthu mmodzimmodzi. Mafunso ambiri otere analembedwa m'Chingerezi, pomwe ofunsidwawo Chingerezi sachidziwa, choncho pamafunika womasulira. Apa m'pamene mwini kafukufuku amagwira njakata: iyeyo chinenero cha anthuwo sachimva, ndiye adziwa bwanji kuti zimene zamasuliridwazo ndi zimene iye amafuna kufunsa?

Njira imene ambiri amadalira ndi kumasulira mobwerera. Womasulira woyamba amachotsa mafunso m'Chingerezi n'kuwaika m'chinenero cha anthuwo. Kenaka womasulira wachiwiri, amene sanaonepo mafunso oyambirirawo, amatenga zomasulirazo n'kuzibwezera m'Chingerezi. Mwini kafukufuku amaika mapepala awiri a Chingerezi pafupi, lakale ndi latsopano, n'kuyamba kufananitsa. Pamene asiyana, pamenepo akuti pali vuto.

Njirayi inatchuka kuchokera mu 1970, pamene katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, Richard Brislin, analemba za iyo. Mpaka lero malipoti ambiri a kafukufuku wa zaumoyo amangolemba chiganizo chimodzi chakuti mafunso anamasuliridwa komanso kumasuliridwa mobwerera, ndipo owerenga amakhutira. Kuti tione zimene chiganizo chimenechi chimatsimikizira ndi zimene sichitsimikizira, titenge mafunso amodzi odziwika bwino, tiwatsatire pa ulendo wawo wopita ku Chiarabu ndi kubwerera.

Mafunso 9 ndi nambala 10

PHQ-9 ndi mndandanda wa mafunso 9 ofufuzira zizindikiro za matenda okhumudwa. Umagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, ndipo ulipo wa m'Chichewa womwe. Munthu amafunsidwa kuti m'masabata awiri apitawa wavutika kangati ndi zinthu monga kusowa tulo, kutopa, kusafuna kudya ndi kusasangalala ndi zimene amachita. Pa funso lililonse amasankha yankho limodzi mwa anayi: sizinachitike n'komwe, masiku angapo, kupitirira theka la masikuwo, kapena pafupifupi tsiku lililonse. Mayankhowa amapatsidwa mapointi 0, 1, 2 ndi 3, motero onse akaphatikizidwa amayambira pa 0 kulekeza pa 27. Kawirikawiri amene wapeza 10 kapena kupitirira amatumizidwa kwa wachipatala kuti akamuone bwino.

Tsopano tiyerekeze gulu la ochita kafukufuku limene likufuna kufunsa mafunsowa anthu a ku Syria amene anathawira ku Lebanon nkhondo itayamba mu 2011. Anthuwa amalankhula Chiarabu. Chitsanzochi n'chongoyerekeza, sindikunena za kafukufuku wina amene anachitikadi, koma mawu a Chiarabu ndi mavuto ake ndi enieni.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linakonza ndondomeko ya momwe ntchito yotere iyenera kuyendera. Womasulira woyamba akhale amene Chiarabu ndi chinenero chake chobadwa nacho, ndipo ndi bwino akhale wodziwa zachipatala. Zimene walemba ziunikidwe ndi kagulu ka akatswiri odziwa zinenero zonse ziwiri. Pambuyo pake m'pamene womasulira wina wapadera, amene Chingerezi ndi chinenero chake ndipo mafunsowo sakuwadziwa, amabwezera m'Chingerezi. Pomaliza mafunsowo amakayesedwa pa anthu enieni. Kumasulira mobwerera, mukuona, ndi gawo limodzi chabe pakati pa ulendo.

Zimene njirayi imagwira

Tisaichepetse. Pali zolakwika zina zimene imazigwira mosavuta, ndipo n'zolakwika zoononga.

Taonani yankho lachitatu lija, lakuti kupitirira theka la masikuwo. Pa masabata awiri, tanthauzo lake ndi masiku oposa 7 mwa masiku 14. M'Chiarabu tsiku limodzi ndi "yaumu", masiku ambiri ndi "ayamu". Womasulira wotopa akhoza kulemba theka la tsiku m'malo mwa theka la masiku. Zikatero, munthu amene anadzuka wokhumudwa Lachiwiri lokha, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, asankha yankho limeneli n'kupeza mapointi 2. Cholakwikacho chili pa mayankho, choncho chikhudza mafunso onse 9 nthawi imodzi. Womasulira wachiwiri akabwezera m'Chingerezi, mawu akuti tsiku aonekera poyera, ndipo ngakhale munthu wosadziwa chilembo chimodzi cha Chiarabu aona kuti pasokonekera.

Imagwiranso mawu osiyidwa. Funso lachisanu limafunsa zinthu ziwiri zotsutsana, kusafuna kudya kapena kudya mopitirira muyeso. Lachitatu nalo limafunsa za kusowa tulo kapena kugona kwambiri. N'zosavuta kuti theka lachiwiri ligwe panjira, ndipo likagwa, pepala lobwereralo limakhala lalifupi moonekeratu.

Funso lachisanu ndi chinayi ndi losamalitsa. Limafunsa ngati munthu wakhala akuganiza kuti kuli bwino atangofa, kapena zodzivulaza mwa njira ina. Silitchula mawu akuti kudzipha. Womasulira akafupikitsa n'kulemba "intihari", liwu la Chiarabu la kudzipha, wasintha funso. Kudzipha n'koletsedwa mu Chisilamu ndi mu Chikhristu momwe, ndipo banja limachita nako manyazi, motero munthu amene akanavomera kuti nthawi zina amalakalaka atagona osadzukanso akana msanga akamva liwu limeneli. Kumasulira mobwerera kumaulula kusinthaku, chifukwa liwu la kudzipha limatulukira pamene panalibe.

Zonsezi zikufanana pa chinthu chimodzi: ndi zolakwika zimene Chingerezi chili ndi mawu ozionetsera.

Mayi wa mapointi 11 amene anapeza 8

Funso lachiwiri ndilo mtima wa mndandanda wonse. M'Chingerezi lili ndi mawu atatu ondondozana. Loyamba ndi liwu la tsiku ndi tsiku la munthu amene mtima wake uli pansi, lachiwiri ndi la kukhumudwa, lachitatu ndi la kutaya chiyembekezo. Liwu lachiwirilo m'Chingerezi limagwira ntchito pawiri: dokotala amatchulira matenda, koma munthu wamba amalinenanso timu yake ikagonja.

Womasulira wathu watsegula dikishonale. Pa kukhumudwa wapeza "ikitiyabu", pa kutaya chiyembekezo wapeza "yaasi", ndipo pa liwu loyamba lija wasankhanso la m'mabuku. Sanalakwitse chilichonse. Womasulira wachiwiri abweza mawu atatu omwe aja m'Chingerezi, mapepala awiri afanana ngati mapasa, ndipo mwini kafukufuku achonga kuti funso lachiwiri lili bwino.

Wofunsa mafunso afika pa tenti ya mayi wina wa zaka 38, wa ana anayi. Mayiyu amalira pafupifupi usiku uliwonse ana akagona. Akamacheza ndi mnzake amati "makhinuka", kutanthauza kuti wabanika ngati wina wamukanyanga pakhosi, kapena amati mzimu wake watopa. Umu ndi momwe anthu ambiri a ku Syria amanenera za kuvutika mumtima, ndipo lipoti limene bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR linatulutsa mu 2015 linasonkhanitsa mawu otere kuti athandize ogwira ntchito zachipatala. Koma liwu lakuti "ikitiyabu" iye amalimva ngati dzina la matenda a anthu opita kwa dokotala wa misala. Liwu lakuti "yaasi" nalo n'lolemera kwa munthu wopemphera, pakuti Chisilamu chimaphunzitsa kuti wokhulupirira sataya chiyembekezo pa chifundo cha Mulungu. Mayiyu ayankha kuti ayi, n'kuthokoza Mulungu. Wofunsa alemba 0.

Tiwerengere pamodzi. Pa kusasangalala ndi zochita wapeza 2, pa tulo 2, pa kutopa 2, pa kudya 1, pa kudziona ngati walephera kusamala banja 1, ndipo pa mafunso atatu omaliza 0. Zonse pamodzi ndi 8. Funso lachiwiri likanafunsidwa m'mawu ake, akanayankha kuti pafupifupi tsiku lililonse, mapointi 3, ndipo akanapeza 11. Ndi 11 akanatumizidwa kwa wachipatala. Ndi 8 alembedwa m'gulu la amene ali ndi zizindikiro zochepa, wofunsa atsanzika n'kupita pa tenti ina. Zikachitika kwa amayi ambiri, lipoti lomaliza linena kuti vutoli ndi laling'ono kusiyana ndi momwe lilili, ndipo opereka thandizo amagawa ndalama poyang'ana malipoti omwewa.

Palibe pamene kumasulira mobwerera kukanaonetsa zimenezi. Njirayi imayesa ngati anthu awiri ophunzira, odziwa zinenero ziwiri, akumvana pa tanthauzo la mawu. Mayi uja sali m'gulu la anthu awiriwo.

Kumasulira kwabwino kumene kumaoneka ngati kolakwika

Mbali inayo ndi imene ine imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa apa njirayi imatha kuononga ntchito yabwino.

Tinene kuti womasulira woyamba ndi namwino amene wagwira ntchito ndi anthuwa zaka zambiri. Pa funso lachiwiri walemba "huzuni", kutanthauza chisoni, n'kuonjezera "diiki sadiri", mawu amene akamasuliridwa liwu ndi liwu amatanthauza kuthina kwa chifuwa. Kwa wolankhula Chiarabu awa ndi mawu akalekale onenera kupsinjika mtima. Ife tomwe timati mtima ukundiwawa, osatanthauza kuti tikufuna dokotala wa mtima.

Womasulira wachiwiri anauzidwa kuti asakometse chilichonse, abweze zimene waona. Alemba kuti chisoni kapena kuthina kwa chifuwa. Mwini kafukufuku, ali ku ofesi yake kutali, awerenga n'kudzidzimuka: ine ndikufunsa za kukhumudwa, uyu akufunsa za mphumu? Alamula kuti akonze. Namwino uja, posafuna kukangana ndi bwana, abwezeretsa "ikitiyabu". Ulendo wachiwiri mapepala afanana, aliyense wasangalala, koma funso laipa kuposa poyamba.

Omasulira amene anazolowera ntchito zotere amaphunzira msanga kuti adzaweruzidwa ndi pepala lobwerera. Amayamba kumasulira liwu ndi liwu, kutsatira kamangidwe ka chiganizo cha Chingerezi, kuti zidzabwerere mosavuta. Zotsatira zake ndi Chiarabu chimene palibe amachilankhula.

Sindikunena kuti "diiki sadiri" ndiye yankho losakayikitsa. Munthu wa mphumu weniweni, kapena wokhala m'tenti ya utsi, akhoza kuvomera funsolo pa chifukwa china. Nkhani ndi yakuti kusiyana kwa mapepala awiriwo kunayenera kuyambitsa kukambirana, osati kupereka chigamulo. Funso loyenera kwa namwinoyo linali lakuti: munasankhiranji mawu amenewa?

Zimene Chingerezi sichiona

Wolankhula Chichewa amvetsa mbali iyi msanga. Tayerekezani mafunso a m'Chichewa amene akufunsa agogo kuti, "Kodi iwe umagona bwino?" Akabwezeredwa m'Chingerezi atuluka opanda banga, chifukwa Chingerezi chili ndi liwu limodzi la iwe ndi inu. Koma agogowo akhumudwa funso loyamba lisanathe.

Chiarabu chili ndi zake zotere. Polankhula ndi mwamuna amati "anta", polankhula ndi mkazi amati "anti", ndipo mneni amasinthanso: kufunsa mwamuna ngati akumva chinachake ndi "tashuuru", kufunsa mkazi ndi "tashuriina". Fomu yolembedwa ngati ofunsidwa onse ndi amuna imabwerera m'Chingerezi osaonetsa kanthu.

Chachikulu kuposa pamenepa ndi kusiyana kwa Chiarabu cholemba ndi cholankhula. Chiarabu ndi chinenero cha boma m'maiko oposa 20, ndipo onsewa amalemba mtundu umodzi wotchedwa "fusiha", wa m'manyuzipepala, m'sukulu ndi pa nkhani za pa wailesi. Kunyumba ndi kumsika anthu amalankhula "amiya", Chiarabu cha kwawo, chimene chimasiyana dera ndi dera, moti wa ku Morocco ndi wa ku Iraq akhoza kuvutika kumvana aliyense akalankhula cha kumudzi kwake. Mafunso a kafukufuku amalembedwa kawirikawiri m'Chiarabu cholemba. Pepala lobwerera silinena kuti ndi mtundu uti umene unagwiritsidwa ntchito.

Vuto limaonekera kumudzi. Wofunsa akawerenga chiganizo cha m'buku kwa munthu amene sukulu sanapite nayo patali n'kuona kuti sakumva, amachifotokoza m'mawu ake. Amachita zimenezi ndi mtima wabwino. Koma ofunsa akakhala 10, aliyense afotokoza mwa njira yake, ndipo kafukufuku mmodzi wasanduka mitundu 10 ya mafunso imene palibe anaiunika. Chizindikiro chake chimaoneka pa manambala: anthu ofunsidwa ndi wofunsa mmodzi amapeza mapointi okwera nthawi zonse kuposa a mnzake, pomwe onse akugwira ntchito mumsasa umodzi.

Palinso funso lachisanu ndi chiwiri, lofunsa ngati munthu akuvutika kuika maganizo pa zinthu monga kuwerenga nyuzipepala kapena kuonera wailesi ya kanema. Limamasulirika mosavuta ndipo limabwerera mosavuta. Kwa munthu wosadziwa kuwerenga, wokhala m'tenti yopanda magetsi, yankho lake ndi lakuti sizinachitike n'komwe, ngakhale kuti amaiwala mphika pamoto.

Womasulira wachiwiri akakhala waluso mopitirira

Brislin mwiniwake anachenjeza kuti womasulira wachiwiri waluso amatha kupeza tanthauzo m'zomasulira zosalongosoka, n'kuzibweza zili zosalala. Munthu wodziwa zinenero ziwiri akaona chiganizo cha Chiarabu chopotoka, amazindikira Chingerezi chimene chabisala kumbuyo kwake ndipo amachilemba bwinobwino. Cholakwika chakwiririka.

Pa PHQ-9 ngoziyi ndi yaikulu chifukwa mafunsowa ndi otchuka. Mukapatsa ntchitoyi dokotala wa maganizo, akangowerenga mizere iwiri adziwa kuti ndi mafunso ati, ndipo otsalawo alemba kuchokera m'mutu. N'chifukwa chake amati womasulira wachiwiri asakhale wodziwa mafunsowo. Pepala lobwerera likafanana ndi loyamba liwu ndi liwu, mpaka pa mpumiro, m'pofunika kukayikira. Anthu awiri omasulira paokha satulutsa ziganizo zofanana ndendende.

Ochita kafukufuku ena anafika poisiya njirayi. Kafukufuku wamkulu wa European Social Survey, amene amafunsa anthu m'maiko ambiri a ku Ulaya, sadalira kumasulira mobwerera. Amatsata njira imene Janet Harkness analimbikitsa: omasulira awiri amamasulira aliyense payekha, kenaka amakhala pansi ndi wounika komanso wodziwa za kafukufukuyo, n'kukambirana funso lililonse m'chinenero chimene anthu adzafunsidwemo, ndipo zimene agwirizana amazilemba pamodzi ndi zifukwa zake. Pa zaumoyo ambiri sanaisiye, koma amaiphatikiza ndi magawo ena. Ndondomeko ya Dorcas Beaton ndi anzake ya mu 2000, imene imatsatidwa kwambiri, imafuna omasulira awiri opita, awiri obwerera, komiti yokambirana, kenaka kuyesa mafunso pa anthu 30 mpaka 40.

Kufunsa mayi uja

Gawo limene likanapulumutsa mayi wa mapointi 8 ndi lomalizali, ndipo ndi limene limadumphidwa nthawi kapena ndalama zikachepa. Ndondomeko ya WHO imati anthu oyeserapo asachepere 10 pa chigawo chilichonse cha mafunso, amuna ndi akazi, a misinkhu yosiyana, ofanana ndi amene adzafunsidwe. Ophunzira a ku yunivesite ya ku Beirut sangaimire alimi ochokera kumidzi ya ku Syria, ngakhale onse amalankhula Chiarabu.

Kuyesaku sikutanthauza kungoona ngati anthu ayankha. Munthu akayankha, wofunsa amabwerera pa funsolo: mwamva kuti ndikufunsa chiyani? Tanenani m'mawu anu. Munaganiza za chiyani musanayankhe? Pali liwu limene simunalimve kapena limene lakukhumudwitsani?

Mayi uja akafunsidwa kuti "ikitiyabu" ndi chiyani, anena kuti ndi matenda a anthu amene mutu wasokonekera, ndipo iye sali choncho. Akafunsidwa kuti nanga munthu wolira usiku uliwonse mumati ali bwanji, atchula mawu ake aja a kubanika. Anthu 6 kapena 7 mwa 10 akanena zofanana, komiti ili ndi umboni wosinthira funsolo. Pomwepo ayesanso "diiki sadiri", kufunsa makamaka okalamba ndi odwala chifuwa ngati akumva za mtima kapena za mapapo. Akaona kuti ena akusokonezeka, akhoza kuika liwu la chisoni patsogolo kuti litsogolere tanthauzo, n'kukayesanso pa anthu ena.

Mawu akasinthidwa chotere, kumasulira mobwerera kumakhalanso ndi ntchito: kumathandiza mwini kafukufuku wosadziwa Chiarabu kuona kuti funso latsopanolo likufunsabe za masabata awiri, likadali ndi mbali zake zonse, ndipo silinasanduke funso lina. Pepala lobwereralo liyenera kukhala ndi ndemanga m'mbali, zofotokoza kuti mawu awa liwu ndi liwu akunena za chifuwa koma anthu amawamva ngati kupsinjika mtima.

Ngakhale zonsezi zitachitika, nambala 10 ija imakhala isanatsimikizidwe. Inapezeka poyesa odwala a ku America m'Chingerezi. Kuti adziwe ngati ikugwira ntchito pa anthu a ku Syria, ochita kafukufuku amayenera kutenga gulu la anthu, kuwafunsa mafunso a m'Chiarabuwo, kenaka aliyense aonedwe ndi katswiri wa matenda a maganizo amene sakudziwa mapointi ake, n'kufananitsa zotsatira ziwirizo. Nthawi zina malire oyenera amapezeka kuti ali pansi kapena pamwamba pa 10, ndipo amenewo ndiwo ayenera kugwiritsidwa ntchito posankha woti atumizidwe kuchipatala.